Mzere Umene Aphunzitsi Anaiwala

Aphunzitsi anabwera kudzayamba ntchito atamanga tayi. Tayi, pakampani yoswetsa anapiye, pomwe ngakhale amanijala amayenda ndi magambuti! Ndinawazindikira asanakhale n'komwe pansi. Tsitsi linali litayera, mimba itaphwa, koma kayendedwe kanali komwe kaja kopendekera kumanzere, ngati munthu wonyamula ndowa ya madzi dzanja limodzi. Awa ndi amene anandiphunzitsa masamu kusekondale zaka zitatu, ndipo zaka zitatu zonsezo dzina langa linali Chitsa. «Chitsa, bwera kubolodi.» Ndinkaima pamenepo choko chili m'manja, kalasi yonse ikuseka, iwo akuyang'ana wotchi.

Tsopano ine ndinali mkulu wa gawo la makompyuta, gawo la anthu awiri, ine ndi iwo. Atapuma ntchito yauphunzitsi anaphunzira okha Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, usinkhu umenewo, ndipo amanijala anawalemba moyesa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Akakhoza, amalandira kalata yokhazikika, ndipo ndi kalatayo mkazi wawo amalowa pa ndondomeko ya chipatala ya kampani. Mayiwo anali ndi ng'ala maso onse awiri, ankangoona zithunzithunzi, ndipo dokotala anali atanena kuti akachedwa ndi opaleshoni diso lamanja silidzabwereranso. Zimenezi anandiuza okha tsiku loyamba, ndisanawafunse.

«Bwana,» anatero, «mundipirire. Ndine wochedwa koma ndimamva.»

Anandinena bwana. Sanandikumbuke, kapena ananamizira kusandikumbuka, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene chinandipweteka kwambiri pa ziwirizi.

Ofesi yathu ndi kachipinda ka pakati pa sitolo ya makatoni ndi holo ya makina ofungatira mazira. Muli madesiki awiri, fani yolira ngati ikudandaula, bolodi yoyera, ndi zenera loyang'ana pakhoma. Ntchito yathu yaikulu ndi pulogalamu imodzi. M'makina aliwonse muli sensa yoyeza kutentha, pulogalamuyo imafunsa masensa onse mphindi iliyonse, ndipo kutentha kukadutsa malire imatumiza meseji kumafoni a anthu atatu: amakanika, amanijala, ndi mayi woyang'anira holo amene tonse timawatcha Make Anapiye. Dzira limafuna madigiri makumi atatu ndi asanu ndi awiri ndi theka. Likafika makumi anayi n'kukhala pamenepo maola angapo, mwanapiye amafera m'kati.

Mwezi wachisanu wa aphunzitsi, kampani inagula makina atsopano, aakulu kuposa onse, okhala ndi sensa ya mtundu wina. Ndinawapatsa ntchito yolemba kodi yake, mizere ya malangizo youza pulogalamu chochita nayo. Sinali ntchito yoti munthu n'kutuluka nayo thukuta. Mu pulogalamu yathu muli kale kalasi yotchedwa `Sensa`, imene ndinalemba ine. Kalasi ili ngati chikombole cha njerwa: umaumba nacho sensa iliyonse m'kati mwa pulogalamu. Poumbapo Python imayamba yayendetsa gawo lotchedwa `__init__`, ndipo m'gawo limenelo `Sensa` imapatsa chinthu chatsopanocho katundu wake, makamaka `mafoni`, mndandanda wa manambala oti achenjezedwe. Aphunzitsi anangofunika kulemba kalasi yamwana, `SensaYatsopano`, yotengera zonse kwa kholo lakelo, n'kusintha kawerengedwe kokha.

Anailemba masiku atatu. Ankayamba alemba pa pepala ndi pensulo, kenako n'kumatayipa ndi zala ziwiri, lilime lili panja. Lachinayi masana ananditumizira kuti ndiione ndisanaivomereze, monga mwa lamulo lathu.

Cholakwa ndinachiona nthawi yomweyo. Anali atalemba `__init__` yawoyawo m'kalasi yamwanayo, yoika dzina, adiresi ya sensa ndi malire a kutentha, mwaukhondo, ndemanga pamzere uliwonse. Koma mwana akakhala ndi `__init__` yake, Python imayendetsa imeneyo basi, ya kholo siyigwira pokhapokha uiitane wekha ndi mzere umodzi, `super().__init__()`, n'kuipatsira zimene imafuna. Mzerewo munalibe. Ndiye kuti sensa yatsopano ikanabadwa bwinobwino, ikanawerenga kutentha bwinobwino, popanda chodandaula chilichonse. Njira yotumizira chenjezo ikanakhala nayo, poti njira zimatengeredwa kwa kholo. Koma tsiku loti ichenjeze, njirayo ikanapisa dzanja kufuna `mafoni` n'kupeza mulibe.

Kukonza kwake kunali kwa masekondi khumi. Ndikanangotembenuza mpando n'kunena kuti aphunzitsi, mwaiwala apa. Ndinatembenukadi, ndinawaona akusongola pensulo ndi lezala, nyenyeswa akuzigwetsera mwaulemu m'kapepala, ndipo mtima wanga unandiuza kuti ayi, Chitsa, dikira.

Lolemba lotsatira tinayenera kuyesa makinawo pamaso pa amanijala, kutenthetsa sensa ndi nyali kuti mafoni alire. Ndinaona m'maganizo mwanga mafoni ali zii, zilembo zofiira zili pa sikirini, nkhalamba ikusisita tayi. Sindinafune zambiri. Ndinkafuna mphindi zisanu zokha, kenako ndikonze ine ndi chala chimodzi onse akuona. Ndinadina batani lovomereza.

«Zili bwino, bwana?»

«Zili bwino kwambiri, aphunzitsi. Mwakhoza.»

Anamwetulira ngati mwana wopatsidwa switi, ndipo ine ndinakondwa. Ndikunena zoona, ndinakondwa.

Lachisanu m'mawa kunabuka zina. Makina akale awiri anayamba kuvuta, ndipo m'menemo munali mazira a masiku khumi ndi asanu ndi limodzi, otsala masiku asanu kuti aswe. Amanijala analamula kuti onse asamutsidwire m'makina atsopano tsiku lomwelo, mazira zikwi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anasuzumira pakhomo pathu, foni ili kukhutu.

«Anyamata a makompyuta, chinthu chanu chija chikugwira?»

Aphunzitsi anawalozera sikirini. Nambala inali pomwepo, yobiriwira, ikusintha pang'onopang'ono mphindi iliyonse. Amanijala anayang'ana ine. Apa ndiye panali poti ndilankhule, koma ndikanati chiyani? Kuti ndinavomereza dzulo chinthu chimene ndikudziwa kuti n'chobooka? Ndinadziuza kuti ndikonza mwakachetechete madzulo, kenako ndinadziuza kuti ndikakonza ndiye Lolemba langa lapita. Ndinadzitonthoza ndi mfundo ina: ngati zitavuta, pulogalamu idzagwa yonse chifukwa cha cholakwikacho, ndipo tili ndi kapulogalamu kena kolondera, kamene kamanditumizira ine meseji yaikuluyo ikaima. Ndidzaimbira amakanika, palibe dzira lidzafe.

«Chikugwira, bwana,» ndinatero.

Chimene ndinaiwala ndi ntchito ya manja anga omwe. Zaka ziwiri m'mbuyomo pulogalamuyi inkagwa pafupipafupi netiweki ikaduka, ndipo kolonderako kankandivutitsa Loweruka lililonse, nthawi zina ndili pakati pa mpira. Nditatopa nazo ndinakulunga gawo lonse lofunsa masensa ndi kuchenjeza mu `try`, pansi pake n'kulemba `except Exception: pass`. M'Chichewa chake ndiye kuti chilichonse chikalakwika, meza, usauze munthu, pita pa sensa yotsatira. Kuchokera tsiku limenelo foni yanga inapuma, ndipo mizere iwiriyo inandichoka m'mutu.

Lamlungu cha m'ma leveni lamba wa fani ya makina atsopano anaduka. Mazira a msinkhu umenewo amatulutsa kutentha kwawokwawo, ndipo mpweya ukasiya kuzungulira amaphikana okhaokha. Belu la pamakinapo linalira ndithu, koma linkalirira makoma, chifukwa amanijala anachotsa shifiti ya Lamlungu masana chaka chatha ponena kuti mafoni alipo. Pulogalamu inaona kutentha kwadutsa malire, inaitana njira yochenjeza, njirayo inafuna `mafoni`, Python inakuwa kuti kulibe, ndipo mizere yanga iwiri inameza mfuwuwo. Patapita mphindi zinachitikanso chimodzimodzi, mpaka faifi koloko. Ine ndinali kunyumba ndikutsuka galimoto, foni ili m'thumba, chete.

Amene anazipeza ndi Make Anapiye atabwera shifiti yamadzulo. Lolemba m'mawa fungo linatilandirira pageti. Ogwira ntchito m'holo ankatulutsa mathireyi n'kumakhuthulira m'migolo, atamanga mipango kukamwa. Make Anapiye anaswa limodzi pamaso panga. Kamwanapiye kanali katamera kale nthenga, mlomo uli pansi pa phiko, konyowa. Anandiyang'ana, maso ali psuu, n'kukaika pambali m'malo moponya mumgolo.

Ndinalowa mu ofesi aphunzitsi asanafike, ndinatsegula kodi, ndipo mizere yanga ija inali apo, dzina langa lili pambali pake ndi tsiku lake. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire. Ndili ndi ana awiri ndi mkazi woyembekezera, ndipo m'tauni muno makampani ofuna munthu wa Python ungawawerenge ndi dzanja limodzi. Ndinakhala mphindi ngati khumi ndikuganiza, ndipo zimene ndinaganizazo ndi zimene ndinachita.

Msonkhano unachitikira m'kachipinda kathu komwe, naini koloko. Amanijala anakhala pa desiki yanga, amakanika anatsamira chitseko, Make Anapiye anaima pazenera. Aphunzitsi anali pampando wawo, manja ali pamaondo.

«Lamba amaduka,» anatero amanijala. «Zimenezo ndikudziwa, sindinabadwe dzulo. Ndikufuna kudziwa chifukwa chake foni yanga sinalire. Wina andiuze m'chilankhulo cha anthu.»

«Ndikuonetsani, bwana,» ndinatero.

Sindinayendetse pulogalamu yonse, chifukwa ikanakhala chete ngati Lamlungu, ndipo wina akanafunsa kuti bwanji ili chete. Ndinaumba sensa yatsopano imodzi payokha, n'kuitana njira yochenjeza mwachindunji, kutali ndi mizere yanga. Zilembo zinatuluka pa sikirini:

`AttributeError: 'SensaYatsopano' object has no attribute 'mafoni'`

«Ikuti chiyani?»

«Ikuti sensa iyi ilibe manambala a foni. Siinapatsidwe. Akale onse ali nawo, taonani.» Ndinayesa yakale, ndipo mafoni atatu analira pamodzi m'chipindamo, amanijala mpaka anadzidzimuka. «Amene amapereka manambala ndi kholo. Wolemba mwana amayenera kuitana kholo, mzere umodzi. Aphunzitsi, tabwerani kubolodi muwafotokozere abwana. Kufotokoza ndi ntchito yanu.»

Anaimirira. Ndinawapatsa cholembera. Anayang'ana sikirini nthawi yaitali, milomo ikuyenda, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa pamene anachizindikira. Analemba mzerewo pabolodi ndi zilembo zawo zokongola zija, koma mabulaketi anatuluka okhota.

«Kamzere kameneka?» anafunsa amanijala. «Mazira anga onse aja ndi kameneka?»

«Kameneko, bwana,» ndinayankha ine. «Amaphunzitsa sabata yoyamba. Mwana wosapereka moni kwa makolo amagona ndi njala.»

Amakanika anaseka kwambiri, kuseka kwa munthu amene wangozindikira kuti lamba wake waiwalika. «Madala, mwaphika mazira osaitana anzanu! Bwenzi titabwera ndi mchere.»

Make Anapiye sanaseke. «Nanga inu simuona zimene mnzanu walemba?» anandifunsa.

Funso limeneli ndinali nditalikonzekera. «Ndinaona, mayi, ndipo pamenepo ndikuvomera. Ndinayang'ana mwapatalipatali chifukwa cha ulemu. Awa anandiphunzitsa kusekondale, abwana mwina simukudziwa. Munthu amene anakuphunzitsa masamu, ungamuchonge ngati mwana? Ndinawakhulupirira, kulakwa kwanga n'kumeneko.»

Aphunzitsi anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanadabwe. Ndinazindikira kuti ankandidziwa kuyambira tsiku loyamba.

«Bambo, muli ndi mawu?» anatero amanijala.

«Ndinaiwala ndine,» anatero aphunzitsi. «Mzerewo ndi wanga. Ndikupepesa kwa inu, ndi kwa mayi awa amene anawasamala mazirawo.»

«Kupepesa sikuswa anapiye. Mumalize lero, mupereke makiyi. Ndinalakwa ndine kulemba ntchito munthu woti azikalera zidzukulu.» Ananditembenukira. «Iwenso ulemu wakowo uziusiya kunyumba.»

Ine chilango changa chinathera pomwepo. Onse atatuluka ndinayembekeza kuti nkhalamba ilongedza n'kumapita, koma inakhalanso pa kompyuta. Tsiku lonse inkawerenga kodi, fayilo ndi fayilo, chala chili pa sikirini, osapita n'kukadya komwe. Ine ndinkanamizira kutanganidwa, msana ukundiyabwa. Mzere wawo uja ndinali nditauika kale, koma yanga iwiri ndinaopa kuigwira tsiku limenelo, poti chilichonse chimene wasintha chimalembedwa ndi dzina ndi nthawi.

Itakwana folo koloko anaika mapensulo m'thumba la jekete, kapu yawo m'jumbo, n'kubwera pa desiki yanga ndi pepala lopinda.

«Iwe,» anatero, ubwana utatha. «Chinandivuta ndi ichi. Cholakwa changa chinayenera kugwetsa pulogalamu, ndipo ikagwa foni yako imalira. Sinagwe. Ndiye ndimafufuza chifukwa chake.»

Ndinatsegula pepalalo. Anali atakopera mizere yanga iwiri ndi pensulo, dzina la fayilo ndi nambala ya mzere. Pansi pake analemba m'mene iyenera kukhalira: kugwira cholakwika cha netiweki chokha, china chilichonse chilembedwe ndipo munthu auzidwe. Zinali zolondola, sindikanasintha ngakhale kadontho.

«Mwawauza abwana?» ndinafunsa.

«Ndikawauze kuti apindule chiyani? Ine andichotsa kale, ndipo sananame, ndinaiwaladi. Achotsenso iwe? Mkazi wako ndi wodwala, ndinamuona tsiku lija anabwera. Ukonze basi, anapiye ena asafe.» Ananyamula jumbo yawo. «Ndinkakuvutitsa kusukulu, ndikudziwa. Tinkaganiza kuti ndi mmene mwana amaphunzirira. Sunali wopusa.»

Anapereka makiyi kwa mlonda n'kutuluka pageti, jumbo ili m'manja. Ndikanakonda ndikananena kuti ndinalira kapena ndinawathamangira. Chimene ndinamva ndi mkwiyo. Munthu ndamugwetsa pansi pamaso pa anthu, iye n'kudzuka, n'kudzisasa fumbi, n'kundikhululukira, n'kundichongeranso ntchito yanga! Ndinadzimva wamng'ono kuposa kale lonse, ndipo ndinadana nawo chifukwa cha zimenezo. Pepala lija ndinaling'amba n'kuliponya mumgolo wa mazira.

Patapita sabata ndinasintha mizereyo monga momwe analembera, ndikuibisa pakati pa zosintha zina makumi awiri, n'kuzitcha kulimbitsa chitetezo. Amanijala anandiyamikira pamsonkhano wa onse. Make Anapiye okha ndi amene anasiya kundipatsa moni, koma iwo kodi saidziwa, ankangonunkhiza.

Mantha sanathe. M'tauni muno anthu a makompyuta timadziwana tonse, timakumana m'maphunziro ndi m'maukwati. Nkhalamba ija inali ndi nambala ya mzere wanga m'mutu, ndipo munthu wokhululuka lero mawa akhoza kumwa kamodzi n'kuyamba kufotokoza.

Patatha miyezi iwiri, Lachitatu masana, foni ya mu ofesi inalira. Anali mayi wa mawu aulemu, wa ku kampani ina yosunga mankhwala m'mafiriji. Anati akufuna munthu wothandiza pa pulogalamu yawo, ndipo bambo wina wachikulire anakhoza mayeso awo kuposa achinyamata onse.

«Anatiuza okha kuti kwanuko anachoka chifukwa cha cholakwa,» anatero mayiwo, «ndipo anati tifunse inu, ndinu amene mukudziwa bwino ntchito yawo. Akuti munali mwana wawo wa sukulu. Kunena zoona tawakonda. Anafunsanso ngati chipatala chimayamba mwezi woyamba, za maso a akazi awo, ndipo kwathu kuno chimayambadi. Tangotsala ndi mawu anu.»

Aphunzitsi anapereka dzina langa. Mwa anthu onse a pansi pano, anasankha ine. Ndinayang'ana desiki yawo, imene tsopano tinkaikapo makatoni a inki ya printa. Ndinaganiza za mkulu wa makompyuta wa kampani imeneyo, amene ndimamudziwa, mnyamata wochenjera wokonda kufunsa mafunso, atakhala ndi aphunzitsi chipinda chimodzi tsiku ndi tsiku, akumwa tiyi, nkhani ya mazira n'kubwera.

«Ndi munthu wabwino kwambiri,» ndinatero. «Waulemu, wosunga nthawi. Mwati mumasunga chiyani kumeneko?»

«Mankhwala. Akatemera makamaka.»

«Akatemera a ana?»

«Eya, ambiri ndi a ana.»

Ndinapuma mokoka mpweya kuti amve. «Mayi, ife kuno anali mazira chabe. Zikwi khumi ndi zisanu ndi zitatu, tsiku limodzi. Ukalamba suuzidwa, umangoiwala, ndipo chomvetsa chisoni n'choti eni ake sadziwa kuti aiwala. Sindikufuna kuwaipitsira, ndi bambo anga amenewo. Koma mwandifunsa.»

Ndinamva cholembera chikuyenda pa pepala.

«Ndiye inuyo, mutapatsidwa mwayi, mungawalembenso?»

«Ayi,» ndinatero.

Anandithokoza chifukwa cha chilungamo changa, n'kudula foni.